Vidiyo ya ukwati yomwe inaima pa mphindi ya 14

Lamya inalira Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe situdiyo. Anali amalume ake a mkwatibwi, omwe anatilemba ntchito yojambula ukwati ku Dedza masabata awiri m'mbuyomo. Sanazungulire. "Achimwene, fulashi mwatipatsayi ili ndi vuto. Abusa akweza dzanja, basi aima pomwepo, koma kwaya ikuimba. Pomwe kwayayo ikudzaoneka, nyimbo ili kumapeto. Ndiye mawu ake ngati akuimba ana, chonsecho ndi amayi akuluakulu." Anawonjezera kuti pa tivi ya mnansi wawo chithunzi chimangoda bii chikafika pamenepo.

Madandaulo atatu amenewa, kuima kwa chithunzi, kukwera kwa mawu ndi kuda kwa tivi, anali ndi gwero limodzi. Ndalemba nkhaniyi chifukwa anzathu ambiri ojambula maukwati, zinkhoswe ndi maliro akulandira zidutswa za vidiyo kuchokera m'mafoni a abale, ndipo lamulo lomwe linatigwetsa ndi lomwe aliyense amayamba kuphunzira pa ffmpeg, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira ndi kulumikiza mafayilo a vidiyo.

Tsiku la ukwatilo batire la kamera yathu linatha mwambo wa m'tchalitchi uli pakati, ndipo magetsi kunalibe. Pamene tinkakatenga lina m'galimoto, panadutsa zinthu ziwiri zomwe banja silikanalola kuti zisowe: nyimbo ya kwaya ya amayi, ndi agogo a mkwatibwi akupereka mwambo. Kwaya tinaipeza kwa m'bale wina yemwe anatitumizira pa WhatsApp, mphindi 3 ndi masekondi 20. Agogo anajambulidwa ndi iPhone yoimika, mphindi 2 ndi masekondi 10. Panalinso masekondi 40 a duroni ikuuluka pamwamba pa tchalitchi. Zotsala zonse, mphindi 52, zinali za kamera yathu: fayilo ya mphindi 14 ya m'tchalitchi, ndi mafayilo awiri a ku madyerero ndi perekaniperekani.

Kulumikiza ndinasiyira mnyamata yemwe ndikumuphunzitsa ntchito, ndipo fulashi inatuluka ine ndisanaionere yonse. Mlandu umenewo ndi wanga. Nditamufunsa momwe anachitira, anafotokoza mosabisa. Analemba mndandanda wa mafayilo mu `list.txt`, mzere uliwonse ngati `file 'kwaya.mp4'`, n'kulamula:

```
ffmpeg -f concat -safe 0 -i list.txt -c copy ukwati.mp4
```

Ulendo woyamba anaika duroni poyambirira, ndipo vidiyo yonse inatuluka yopanda mawu. Chifukwa chake n'chakuti njira ya `-f concat` imayang'ana fayilo yoyamba n'kutenga zonse kuchokera pamenepo: muli chithunzi ndi mawu kapena chithunzi chokha, kodeki yake ndi iti, kukula kwake n'kotani. Duroni sijambula mawu, choncho mawu a mafayilo otsatira analibe kolowa. Mnyamatayo anachotsa duroni, ndipo ataona kuti mbali ya agogo ikutuluka zophwanyikaphwanyika, anaganiza bwino ndithu kuti vuto ndi kusiyana kwa makodeki. Anasandutsa fayilo iliyonse kukhala `.mp4` ya H.264 ndi AAC, osasintha china chilichonse, n'kulumikizanso. Anaonera mphindi zisanu zoyambirira pa VLC, zonse zili bwino. "Abwana, zonse zinali `mp4`, ndiye ndimati zafanana," anatero.

Ndinamufunsa ngati ffmpeg inalemba chilichonse polumikiza. Anati inalemba mizere yambiri yachikasu koma sinakane. Mizereyo inali ya `Non-monotonous DTS`, yomwe pa ffmpeg yatsopano imalembedwa `Non-monotonic DTS`. Apa m'pamene ndikufuna anzanga amvetse: `-c copy` sitsegula zithunzi kuti ione ngati zikugwirizana. Imangonyamula mapaketi kuchoka m'fayilo ina kuika m'ina. Ikhoza kumaliza ntchito m'masekondi ochepa n'kukupatsani fayilo yoonongeka popanda kukana, ndipo chenjezo lokhalo ndi mizere yachikasuyo.

Ndisanakonze kalikonse ndinafuna kudziwa chomwe chinaimitsa abusa. Ndinafunsa fayilo iliyonse, zoyambirira ndi zomwe mnyamatayo anasandutsa, ndi lamulo ili la `ffprobe`, chida choonetsa zomwe zili m'kati mwa fayilo:

```
ffprobe -v error -of compact -show_entries \
 stream=codec_name,width,height,sample_aspect_ratio,r_frame_rate,avg_frame_rate,time_base,field_order,sample_rate,channels \
 kwaya.mp4
```

Yankho linali pa `time_base`. M'fayilo ya `.mp4` nthawi siwerengedwa m'masekondi. Sekondi imagawidwa m'tizidutswa, ndipo fulemu iliyonse imalembedwa kuti ioneke pa kachidutswa kachingati. Fayilo ya m'tchalitchi, ya mafulemu 25 pa sekondi, ffmpeg inaigawa `1/12800`. Ya kwaya, ya mafulemu 30, inaigawa `1/15360`. Polumikiza, manambala a kwaya analowa momwe analili, koma anawerengedwa ndi muyeso wa fayilo yoyamba. Zili ngati kuyeza chimanga ndi chigoba chaching'ono, mnzako n'kumawerenga ngati unayeza ndi chachikulu.

Tiwerengere limodzi. Kwaya inayenera kuyamba pa masekondi 840, ndiye kuti mphindi 14. Pa muyeso wa kwaya, nthawi imeneyo ndi tizidutswa 840 kuchulukitsa ndi 15360, zomwe ndi 12,902,400. Mukagawa nambala imeneyo ndi 12800 mupeza masekondi 1008. Chithunzi cha kwaya chinaikidwa mochedwa ndi masekondi 168, ndiko kuti mphindi 2 ndi masekondi 48, ndipo nthawi yonseyo tivi inalibe china choonetsa koma fulemu yomaliza ya abusa atakweza dzanja. Kwayayo itayamba kuoneka inkayendanso mwaulesi, chifukwa masekondi ake 200 anatambasuka kukhala 240. Ndinatenga wotchi n'kuyeza pa fulashi ija, ndipo kuimako kunakwana ndendende.

Mawu analakwika mobwerera kwina. Kamera yathu imajambula mawu pa 48000, pomwe a kwaya anali pa 44100. Atawerengedwa ngati a 48000 anathamanga ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse, nyimbo ya masekondi 200 n'kutha m'masekondi 184. Mawu akathamanga chotero amakweranso, pafupifupi semitoni imodzi ndi theka. Pa munthu wolankhula mwina simungazindikire msanga, koma amalumewo amawadziwa amayi a kwaya yawo mmodzimmodzi, n'chifukwa chake anamva ana. Kuda kwa tivi ya mnansi kunali kwapafupi kumvetsa: mutu wa fayilo unkanena kuti chithunzi ndi 1440 kwa 1080, kenako pakati pa ulendo pakubwera cha 848 kwa 480. VLC imatha kusintha ili m'njira, koma tivi zambiri zowerenga fulashi sizitero. N'chifukwa chake kuyesa pa laputopu yokha sikukwanira.

Zitadziwika izi, panalibenso kukambirana zokopera. Mafayilo osiyana chotere ayenera kuphikidwanso onse mu mphika umodzi, ndipo ffmpeg ili ndi njira ziwiri zochitira zimenezo. Yoyamba ndi sefa ya `concat` ya mu `-filter_complex`, yomwe imatsegula mafayilo onse n'kutulutsa imodzi pa lamulo limodzi. Ubwino wake ndi woti makodeki osiyana sauvutitsa, ndipo ikaona kukula kosiyana imakana poyera, n'kulemba kuti `do not match the corresponding output link`. Ndinamuonetsa mnyamata uja uthengawo dala, kuti aone kusiyana kwa chida chokana ndi chida chongolandira. Pa zidutswa ziwiri kapena zitatu zazifupi ndimagwiritsa ntchito imeneyi.

Pano ndinasankha yachiwiri: kukonza chidutswa chilichonse pachokha mpaka zonse zifanane, kenako n'kulumikiza ndi `-f concat`. Zifukwa zinali ziwiri. Vidiyo ya ola lathunthu pa laputopu yathu imadya maola angapo, ndipo magetsi akazima pa mphindi ya 50 lamulo limodzi lija limayambiranso pa chiyambi, pomwe zidutswa zomwe zatha kale zimakhala zatha. Chifukwa china n'chakuti chidutswa chilichonse chinali ndi nthenda yake, ndipo ndinkafuna kuona chimodzichimodzi ndi maso ndisanachiphatikize. Ndinabwerera ku mafayilo oyambirira, osati omwe anasandutsidwa kale, popeza kuphika kawiri kumachotsa ubwino wa chithunzi.

Muyeso ndinasankha 1920 kwa 1080, mafulemu 25 pa sekondi. Mnyamatayo anafunsa chifukwa chosatengera 30, popeza mafayilo atatu mwa asanu ndi limodzi anali pafupi ndi 30. Tisamawerenge mafayilo, tiziwerenga mphindi. Mwa mphindi 58, za kamera zinali 52. Kukweza 25 kufika 30 kumabwereza fulemu imodzi pa zisanu zilizonse, ndipo anthu ovina akanaoneka akudumphadumpha pafupifupi ola lonse. Kutsitsa 30 kufika 25 kumataya fulemu imodzi pa zisanu ndi imodzi, koma pa mphindi 6 zokha. Pa duroni ikamakhota kumaoneka pang'ono, ndipo ndinavomera kutaya kumeneko.

Kwaya ndinaikonza motere:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -map 0:v:0 -map 0:a:0 \
 -vf "scale=1920:1080:force_original_aspect_ratio=decrease:force_divisible_by=2,pad=1920:1080:(ow-iw)/2:(oh-ih)/2,setsar=1,fps=25,format=yuv420p" \
 -af "aresample=48000:async=1:first_pts=0" -ac 2 \
 -c:v libx264 -crf 20 -preset medium -c:a pcm_s16le \
 -video_track_timescale 12800 g03.mov
```

Lamuloli likuoneka lalitali koma likunena zochepa. `scale` ikukulitsa chithunzi mpaka chikwane m'bokosi popanda kuchipinda, ndiye 848 kwa 480 inakhala 1908 kwa 1080. `pad` ikudzaza mpata wotsala ndi chakuda, mapikiseli 6 mbali iliyonse, osaoneka n'komwe. `aresample` ikusintha mawu kuchoka pa 44100 kufika pa 48000 moyenera, liwiro ndi kamvekedwe osasintha. Mzere womaliza ukukakamiza muyeso wa nthawi uja kuti ukhale umodzi pa zidutswa zonse. Ma `-map` awiriwo amaonetsetsa kuti chithunzi chikhale choyamba ndipo mawu akhale achiwiri m'chidutswa chilichonse, chifukwa `-f concat` imaphatikiza potsata malo, choyamba ndi choyamba, chachiwiri ndi chachiwiri. Kukulitsa sikunabweze zomwe WhatsApp inachotsa. Nkhope za amayi a kumbuyo zinakhalabe zosaoneka bwino, ndipo ndinawauziratu amalume zimenezo.

Mawu ndinawasunga mu `pcm_s16le`, osati AAC, ndipo n'chifukwa chake zidutswazo ndi `.mov`. AAC imagwira mawu m'magawo a 1024, ndipo ffmpeg ikamayamba kulemba imaika gawo limodzi loyambira, pafupifupi mamilisekondi 21. Mukalemba AAC pa chidutswa chilichonse n'kulumikiza mokopera, polumikizira pamamveka kudukiza kapena kuthetheka. Mawu osafinya alibe vutolo, ndipo amangodya pafupifupi mamegabaiti 11 pa mphindi. AAC ndinaisungira kumapeto, kuti ilembedwe kamodzi.

Fayilo ya agogo inalowa m'lamulo lomweli osasintha kanthu. Inali ya HEVC, ndipo `ffprobe` inkati ndi 1920 kwa 1080 ngakhale inali yoimika, chifukwa foni imasunga chithunzi chogona n'kulemba pambali kuti chitembenuzidwe ndi madigiri 90. Pophikanso, ffmpeg imatembenuza yokha, ndiye agogo anatuluka ali chilili, m'lifupi mapikiseli 608, kwina konse kuli kwakuda. Tinakambirana zodula pamwamba ndi pansi kuti chithunzi chidzaze tivi, koma tikanataya manja awo, omwe amalankhula nawo kwambiri kuposa pakamwa. Ndinasiya chakudacho. Pa fayilo imeneyi `r_frame_rate` ndi `avg_frame_rate` zinasiyananso pang'ono, chizindikiro choti foni inkasintha liwiro la mafulemu ikujambula, ndipo `fps=25` inawongola zimenezo.

Duroni ndinaipatsa mawu achete, kuti nayonso ikhale ndi chithunzi ndi mawu ngati zinzake. Pa lamulo lija ndinasintha chiyambi chokha:

```
ffmpeg -i duroni.mp4 -f lavfi -i anullsrc=r=48000:cl=stereo \
 -map 0:v:0 -map 1:a:0 -shortest ...
```

Musaiwale `-shortest`. Chete wa `anullsrc` alibe mathero, ndipo popanda `-shortest` lamulo silidzaima.

Pomwe ndinaphonya ine mwini ndi pa mafayilo a kamera yathu, omwe ndinkawayesa osavuta. Ndinathira lamulo la kwaya lija pa fayilo ya m'tchalitchi, n'kupita kukadya nsima. Pobwera ndinapeza chidutswa chatha popanda chenjezo lililonse, `ffprobe` ikuvomereza kuti ndi 1920 kwa 1080. Nditachitsegula, mkwati ndi mkwatibwi anali ataonda ngati odwala, kumanja ndi kumanzere kuli mizere yakuda ya mapikiseli 240. Kamera zambiri za AVCHD zili ndi kajambulidwe kosunga mapikiseli 1440 okha m'lifupi, koma pikiseli iliyonse ndi yotambalala, `sample_aspect_ratio=4:3`, kuti poonetsa chithunzi chifike 1920. `scale` inaona 1440 kwa 1080, n'kuti chikukwana kale m'bokosi. Kenako `setsar=1` inalamula kuti mapikiseli ndi ofanana mbali zonse, ndipo kutambalala kuja kunatayika. Nambala ya `4:3` inalipo pa zomwe `ffprobe` inandionetsa m'mawa, koma maso anga anali pa `time_base`.

Panalinso china pa chidutswa chomwecho. Dzanja la abusa likamayenda linkaoneka la mano ngati chipeso. `field_order=tt` inkanena kuti kamera imajambula theka la mizere, kenako theka linalo, ka 50 pa sekondi. Tivi imadziwa kulukanso mizereyo ngati fayilo yauza kuti ndi yotero, koma ikaphikidwa ngati mafulemu athunthu manowo amakhazikika m'chithunzi, ndipo ikakulitsidwa m'litali sangachokenso. Choncho kuchotsa mano, komwe ndi ntchito ya `yadif`, kuyenera kubwera poyamba, `scale` isanagwire. Pa mafayilo a kamera sefa inakhala iyi, zina zonse osasintha:

```
-vf "yadif,scale=1920:1080,setsar=1,fps=25,format=yuv420p"
```

Kuyambira tsiku limenelo sindithiranso lamulo pa fayilo yathunthu ndisanayese masekondi 20 ndi `-t 20` n'kuona nkhope ya munthu. Chinthu chozungulira, monga wotchi ya pakhoma kapena tayala la galimoto, chimaulula msanga ngati chithunzi chapindika.

Pali malo amodzi pomwe kukopera kunali koyenera, ndipo ndinamuonetsa mnyamata uja kuti asaope `-c copy` mpaka kalekale. Mafayilo awiri a ku madyerero anali kujambula kumodzi komwe kamera inadula yokha fayilo itakula. Amenewo ndi ofanana pa chilichonse, ndipo `.MTS` ndi mtundu womwe umalola kuphatikiza mabaiti mwachindunji. Ndinawapereka kwa ffmpeg ngati fayilo imodzi, `-i "concat:00013.MTS|00014.MTS"`. Mukawaphika padera, podulirapo pamatha kusowa kachigawo ka mawu kapena mafulemu angapo, ndipo apa kamera inadula pakati pa mawu a ankhoswe.

Zidutswa zisanu zitakwana, ndinazifunsanso ndi `ffprobe` n'kuika mayankho pamzere. Kusiyana kunayenera kukhala pa kutalika kokha. Ngakhale `-crf` ndi `-preset` ndinazisiya zofanana pa zonse, ngakhale kuti kwaya ikanatha kufinyidwa kwambiri, chifukwa kuzisintha kumasinthanso timitu ta mkati mwa H.264, ndipo sindinafune kupatsa tivi yakale chifukwa china chodera. Kulumikiza komaliza kunali motere:

```
ffmpeg -f concat -safe 0 -i list.txt -c:v copy \
 -af aresample=async=1 -c:a aac -b:a 192k \
 -movflags +faststart ukwati.mp4
```

Chithunzi chikukopedwa, ndiye sichiphikidwa kachiwiri. Mawu akulembedwa AAC kamodzi. `async=1` ili ndi ntchito yaing'ono koma yofunika: m'chidutswa chilichonse mawu ndi chithunzi sizitha pa nthawi imodzi ndendende, ndipo mawu akatha msanga imadzaza mpatawo ndi chete, kuti chidutswa chotsatira chisayambe milomo itasemphana ndi mawu. Sipanatuluke mzere wachikasu ngakhale umodzi.

Poyesa ndinayamba ndi masamu. Zidutswa pamodzi zinali mphindi 58 ndi masekondi 10, ndipo fayilo inanena chimodzimodzi. Kuyesa kumeneku n'kwa sekondi imodzi koma musakukhulupirire kokha, popeza fayilo ikhoza kukwana kutalika chonsecho m'kati mwasokonekera. Kenako ndinalamula `ffmpeg -v error -i ukwati.mp4 -f null -`, yomwe imawerenga vidiyo yonse n'kulemba pokhapokha yapeza cholakwa, ndipo sinalembe kanthu. Ndinaonera malo anayi olumikizira, masekondi 10 kutsogolo ndi kumbuyo, ndikuyang'ana milomo ndi kuwomba m'manja. Ndinaonanso kumapeto kwenikweni, komwe kusemphana kwapang'onopang'ono kumadzaunjikana. Fayilo inali pafupifupi magigabaiti 3, pansi pa malire a 4 omwe fulashi ya FAT32 imalola pa fayilo imodzi.

Lachitatu ndinatuma mnyamata uja ku Dedza ndi fulashi, ndipo ndinamuuza kuti asabwere asanaionere pa tivi zonse ziwiri, ya amalume ndi ya mnansi uja. Anaimba madzulo. Pa mphindi 14 ndi masekondi 40 abusa anakweza dzanja, kwaya n'kuyamba pomwepo, pa tivi zonse. Mmodzi wa amayi a kwaya analipo, ndipo anaimba nawo motsatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza osafuna kukweza mawu. Dandaulo lomwe linatsala linali la agogo: amalume anafunsa chifukwa chomwe mayi awo akuonekera pakati pokha, mbali zonse kuli mdima. Mnyamatayo anawaonetsa pa laputopu momwe zikanaonekera atadula chithunzi, manja osaoneka, ndipo anati tisiye momwemo. Anapemphanso ina yaing'ono yotumiza kwa achibale a ku Joni, yomwe tinaipanga kuchokera ku zidutswa za `.mov` zija pa 1280 kwa 720.